Ma aigenivalu ndi omwewo, nanga bwanji matirikisi imodzi ikukana kusanduka dayagonolo?

Kalata iyi yachokera kwa wophunzira masamu wa chaka chachiwiri:

"Aphunzitsi, ndili ndi matirikisi ziwiri, A ndi B. Zonse zikundipatsa polinomiyo imodzimodzi, (λ − 1)²(λ − 4). Pa A ndapeza ma aigenivekita atatu ndipo zonse zayenda bwino. Pa B ndikungopeza awiri, wachitatu sakuoneka ngakhale ndabwereza kangapo. Kodi ndalakwitsa pati?"

```
A = [2 1 1]      B = [1 1 1]
    [1 2 1]          [0 1 1]
    [1 1 2]          [0 0 4]
```

Achemwali, simunalakwitse paliponse. Vekita wachitatuyo kulibe, ndipo palibe amene angamupeze. Ndikufuna muone chifukwa chake ndi maso anu, chifukwa apa ndi pamene munthu amazindikira kuti polinomiyo ija sinena zonse za matirikisi.

Pali mafunso awiri osiyana amene timafunsa za aigenivalu imodzi. Loyamba ndi lakuti, kodi nambalayi ikupezeka kangati mu polinomiyo? Kwa inu, (λ − 1) ali ndi mphamvu ya 2, choncho 1 akupezeka kawiri. Uku ndi kubwereza kwa mu aljebura. Lachiwiri ndi lakuti, kodi pali mavekita angati odziimira paokha amene matirikisi imangowachulukitsa ndi nambalayi osawakhotetsa? Uku ndi kubwereza kwa mu jometiri. Yankho la funso loyamba mumaliwerenga pa polinomiyo. Lachiwiri silingapezeke pamenepo. Muyenera kuchotsa λ pa dayagonolo n'kuona chimene chatsala.

Tiyeni tichite zimenezo ndi λ = 1.

```
A − I = [1 1 1]      B − I = [0 1 1]
        [1 1 1]              [0 0 1]
        [1 1 1]              [0 0 3]
```

Pa A − I mizere yonse itatu ikunena chinthu chimodzi: x + y + z = 0. Lamulo ndi limodzi pa manambala atatu, ndiye awiri mwa iwo mumasankha nokha. Mwapeza (1, −1, 0) ndi (1, 0, −1), ndipo mmodzi sangapangidwe kuchokera kwa mnzake. Mukaonjezera (1, 1, 1) wa λ = 4, akwana atatu, ndipo matirikisi P imene mizere yake yotsika ndi mavekitawa ili ndi ditaminanti yosakhala ziro. N'chifukwa chake P⁻¹AP ikutuluka dayagonolo ya 1, 1, 4.

Pa B − I zinthu n'zina. Mzere wachiwiri ukuti z = 0. Wachitatu ukubwereza zomwezo. Woyamba ukuti y + z = 0, ndiye nayenso y ndi ziro. Malamulo ndi awiri, watsala womasuka ndi x yekha. Aigenivekita aliyense wa λ = 1 ali pa mzere umodzi wa (1, 0, 0). Mukayesa kutenga (1, 0, 0) ndi (5, 0, 0) ngati awiri, P wanu akhala ndi mizere yotsika iwiri yoloza kumodzi, ditaminanti ikhala ziro, ndipo P⁻¹ sapezeka. Wa λ = 4 alipo, ndi (4, 3, 9); mukamuchulukitsa ndi B mupeza (16, 12, 36). Onse pamodzi ndi awiri, pamene malo a mbali zitatu amafuna atatu.

Chiwerengerochi chili ndi njira yachidule: kubwereza kwa mu jometiri ndi n − ranki(A − λI), pamene n ndi kukula kwa matirikisi ndipo ranki ndi chiwerengero cha mizere yodziimira payokha. Pa A ndi 3 − 1 = 2, pa B ndi 3 − 2 = 1.

Mwina mumtima mukufunsabe kuti, nanga ngati pali P wina wochenjera amene sitinamuganizire? Palibe, ndipo umboni wake ndi wamfupi. Tiyerekeze kuti B = PDP⁻¹. Pamenepo D ayenera kukhala ndi 1, 1, 4 pa dayagonolo, popeza polinomiyo sisintha tikasintha maziko. Ndiye B − I = P(D − I)P⁻¹. Koma D − I ali ndi 0, 0, 3 basi, ranki yake ndi 1, ndipo kuchulukitsa ndi P kapena P⁻¹ sikusintha ranki. Zikanatero B − I akanakhala ndi ranki 1. Ife taona kuti ndi 2. Nkhani yathera pomwepo.

Tsono yesani ichi papepala. Mu B, tengani 1 amene ali pa mzere woyamba, malo achiwiri, mumusandutse ziro. Polinomiyo sisintha ngakhale pang'ono, chifukwa ya matirikisi imene pansi pa dayagonolo pali maziro okhaokha imadalira dayagonolo yokha. Koma tsopano mizere itatu ya B − I ndi (0, 0, 1), (0, 0, 1) ndi (0, 0, 3). Lamulo latsala limodzi, z = 0, ndipo (0, 1, 0) wasanduka aigenivekita. Nambala imodzi imene polinomiyo siiona n'komwe ndiyo ikugamula mlandu wonse. Ine chitsanzo chimenechi ndimachikonda kuposa umboni uliwonse, chifukwa munthu akachiona salakwitsanso kudalira polinomiyo yokha.

Nanga 1 ameneyu akuchita chiyani kwenikweni? Onani mavekita amene z wawo ndi ziro. B amatenga (x, y, 0) n'kumupititsa ku (x + y, y, 0). Zili ngati mwaika dzanja pamwamba pa mulu wa mapepala n'kukankhira cham'mbali: pepala lapansi silisuntha, lililonse lapamwamba limasuntha molingana ndi kutalika kwake. Mzere wogona motsatira x umakhalabe momwemo, koma mzere uliwonse wokwera m'mwamba umapendekeka. Palibe pepala limene lakula kapena kuchepa, ndipo muluwo sunatalike kapena kufupika, n'chifukwa chake ma aigenivalu onse awiri ndi 1, komabe mbali yosakhota ndi imodzi yokha. Matirikisi ya dayagonolo imangodziwa kutambasula ndi kufinya motsatira mbali zake. Kupendeketsa kotereku siingathe.

Manambala awiri aja, kubwereza kwa mu aljebura ndi kwa mu jometiri, ali ndi malire. Kubwereza kwa mu jometiri sikuchepera 1, chifukwa det(A − λI) = 0 akutanthauza kale kuti pali vekita wosakhala ziro amene akupita ku ziro. Sikuposanso kwa mu aljebura. Mukakhala ndi ma aigenivekita k odziimira paokha a λ imodzi, mukhoza kuwaika poyamba m'maziko atsopano n'kuonjezera ena kuti akwane. M'maziko amenewo mizere yotsika k yoyamba ili ndi λ pa dayagonolo ndi maziro kwina konse, choncho polinomiyo iyenera kugawika ndi (t − λ)ᵏ. Apa tikupezapo chinthu chopulumutsa nthawi: aigenivalu yopezeka kamodzi siingavute, popeza pakati pa 1 ndi 1 palibe mpata. Pa mayeso musataye nthawi ndi 4. Pitani kwa wobwerezayo n'kuwerenga ranki. Matirikisi imasanduka dayagonolo pokhapokha manambala awiriwa akafanana pa aigenivalu iliyonse, komanso mizu yonse ya polinomiyo ikapezeka m'manambala amene mukugwiritsa ntchito. Mfundo yachiwiriyi ndi vuto lina: matirikisi yozunguza ndi madigiri 90 imakana pa manambala enieni chifukwa λ² + 1 alibe mizu kumeneko, koma imalola mukavomera i ndi −i. B wanu amakana kulikonse.

A sakanavuta n'komwe, ndipo mukanadziwa musanayambe. Mukamupinda pa dayagonolo mbali ziwiri zikufanana, kapena kuti Aᵀ = A. Matirikisi iliyonse yotere ya manambala enieni imasanduka dayagonolo, kaya ma aigenivalu abwereze kangati.

Pali njira inanso yoyesera. Tengani aigenivalu iliyonse kamodzi kokha n'kuchulukitsa (A − I)(A − 4I). Ngati matirikisi ili ndi ma aigenivekita okwana, aliyense wa iwo afafanizidwa ndi chimodzi mwa zigawo ziwirizi, ndiye zotsatira zikhala maziro okhaokha. Pa A zikuterodi. Pa B mzere woyamba ukutuluka (0, −3, 1), ndipo simufunikanso kupitiriza.

Musamusiye B ngati wopanda ntchito. Vekita w = (0, 1, 0) si aigenivekita, koma (B − I)w = (1, 0, 0), amene ndi aigenivekita wathu uja, v. Kunena kwina, Bw = w + v. Mukachotsanso kachiwiri, (B − I)²w ndi ziro. Ameneyu ndiye amalowa m'malo mwa vekita wosowayo. Ikani v, w ndi (4, 3, 9) ngati mizere yotsika ya P:

```
P⁻¹BP = [1 1 0]
        [0 1 0]
        [0 0 4]
```

Awa ndi maonekedwe a Jordan, dzina lochokera kwa Camille Jordan wa ku France amene anawafalitsa mu 1870. Palibe maziko ena amene angachotse 1 wotsala pamwamba pa dayagonoloyo. Zotsatira zake zimaoneka mukachulukitsa B mobwerezabwereza. Bw = w + v, B²w = w + 2v, ndipo Bⁿw = w + nv. Amene anangoona kuti aigenivalu ndi 1 akanaganiza kuti w sakula. Pa A mavekita a λ = 1 sakuladi, chifukwa vekita aliyense wa x + y + z = 0 amakhala pomwe ali mpaka kalekale. Pa B iye akutalikira osaleka. Ndi chifukwa chomwechi chimene chimabweretsa teᵗ pambali pa eᵗ mukamathetsa x′ = Bx.

Chenjezo lomaliza ndi la kompyuta. Ikani 0.0001 mu B pa mzere wachiwiri, malo oyamba, pamene panali ziro. Ma aigenivalu asanduka 0.99, 1.01 ndi 4: kusintha kwa 0.0001 kwawasuntha ndi 0.01, kuchulukitsa ka 100. Onse ndi osiyana tsopano, ndiye matirikisi ikulola kusanduka dayagonolo, koma ma aigenivekita ake awiri ndi (1, 0.01, 0) ndi (1, −0.01, 0), oyandikana kwambiri moti P watsala pang'ono kukhala wopanda P⁻¹. Kompyuta imadula manambala nthawi zonse, choncho `numpy.linalg.eig` ikupatsani mizere yotsika itatu popanda kudandaula ngakhale pa B weniweniyo, iwiri ili pafupifupi pa mzere umodzi. Onani `numpy.linalg.cond(P)`, ikatuluka nambala yaikulu zedi, musakhulupirire dayagonoloyo. Pa matirikisi zazing'ono za manambala athunthu ngati zanuzi, gwiritsani ntchito SymPy, imene siidula manambala:

```python
from sympy import Matrix
B = Matrix([[1, 1, 1], [0, 1, 1], [0, 0, 4]])
B.is_diagonalizable()   # False
P, J = B.jordan_form()
```

Pa pepala lanu lembani kuti ranki ya B − I ndi 2, kuti 3 − 2 = 1 ndi wochepera 2, ndipo chifukwa cha zimenezo B sangasanduke dayagonolo. Limenelo ndi yankho lathunthu.