Usangodula ziganizo, yamba waona mawu amene walemba

*Achemwali, ndinalembera imelo bambo wina wa ku kampani imene timaodako katundu, Chingerezi sachidziwa kwenikweni. Ndinati: "Further to our conversation, I was wondering if you might be able to put off the delivery until we have sorted out the payment, which should hopefully be by 05/06, unless you hear otherwise." Koma katundu watumiza dzulo! Kodi ndizingolemba ziganizo zifupizifupi basi?*

Eya, ndawerenga. Ndingolankhula, chifukwa kulemba zonsezi pafoni ndichedwa.

Kutalika kwake ndi vuto ndithu. Ndawerengera, chiganizo chako chili ndi mawu 34, ndipo munthu amene akuwerenga chilankhulo chosakhala chake amayenda pang'onopang'ono, liwu lililonse akulimasulira m'mutu. Pofika kumapeto amakhala ataiwala poyambira. Amene amaphunzitsa kalembedwe kosavuta, ngati a Plain English Campaign a ku Britain, amati ziganizo zako ukaziphatikiza zizikhala za mawu 15 mpaka 20 pa avereji. Kwa bambo ameneyu ine ndingatsikeko pang'ono. Koma ndikuuze, chimene chatumizitsa katundu si kutalika kokha ayi. Ndi timawu tiwiri tija, "put off".

Taona. Ife timaganiza kuti liwu lalifupi ndiye losavuta. Si choncho nthawi zonse. "Put" amalidziwa, ndi kuika. "Off" amalidziwanso, amaliona pa swichi. Koma ukawaphatikiza tanthauzo limasinthiratu, limakhala kuchedwetsa kapena kuimika kaye, ndipo palibe chilichonse m'mawu awiriwo chomuuza zimenezo. Choopsa n'chakuti iye sadziwa kuti sanamve, chifukwa mawu onse akuoneka odziwika, ndiye satsegula dikishonale. Ine ndikuganiza kuti anaona "delivery", anaona "payment", anaona deti, n'kumanga yekha nkhani yoti mukufuna katundu afike tsiku limenelo lisanakwane. "Sorted out" ndi chimodzimodzi, "call off" chimodzimodzi. Liwu limodzi ngati "postpone" kapena "cancel" n'lalitali, inde, koma akalifufuza apeza tanthauzo lolunjika. Ndipo ngati munthuyo amalankhula Chipwitikizi kapena Chisipanishi, mawu aataliwa ndi amene amawazindikira msanga, chifukwa "cancel" kwawo ndi "cancelar", "confirm" ndi "confirmar".

China ndi ulemu uja unayamba nawo, "I was wondering if you might be able to". Mawu asanu ndi anayi, pempho lisanayambe. Kwa mwini chilankhulo ndi ulemu wabwino, koma kwa uyu zikumveka ngati ukungoganiza mokweza, sukupempha kanthu. "Please" yekha akukwana, ndipo palibe amene angakhumudwe naye.

Tsono pa funso lako lenileni, ayi, usangodula. Tiyese tione. Ukadula kwambiri utuluka ndi zotere: "Do not send. We have not paid. We pay later. Wait." Chiganizo chilichonse n'chophweka, koma tamvera mmene zikumvekera. Choyamba ngati ukumukalipira. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, wataya timawu tolumikiza maganizo, aja kusukulu tinkati alumikizi: "because", "if", "after", "but". Timawu timeneti ndi timene timamuuza munthu kuti ichi chikuchitika chifukwa cha icho, kapena ichi chichitike icho chikatha. Ukatichotsa, wamusiyira ntchito yolumikiza yekha, ndipo atha kulumikiza molakwika. Atha kuganiza kuti mwasiya kugula, katunduyo n'kugulitsa kwa ena. Ndiye wathawa vuto limodzi n'kugwera lina.

Mmene ndimachitira ine, ndisanalembe ndimadzifunsa kuti ndili ndi mfundo zingati. Iwe unali ndi zinayi: asatumize pano, mudzalipira tsiku lakuti, akalandira ndalama atumize, deti ikasintha umuuza. Mfundo iliyonse ipatse chiganizo chake, ndipo pamene mfundo ili ndi chifukwa chake kapena ikudalira chinthu china, zisiye pamodzi, usazilekanitse. Ndiwerenge mmene ndikanalembera, ndikutumiziranso cholemba pansipa:

"Please do not send the goods now, because we have not paid yet. We will pay on 5 June. After you receive the payment, please send the goods. If the date changes, I will write to you."

Waona? Choyamba chili ndi mawu 13, chachiwiri 6, zinazo 9 chilichonse. Onse pamodzi 37, kuposa ako 34 aja. Ndiye nkhani si kuchepetsa mawu, imelo yomveka nthawi zina imatalikirapo. Chiganizo choyamba ndachisiya chachitali dala, chifukwa "because" uja ndi amene akumutsimikizira kuti oda ikadalipo, vuto ndi ndalama basi. Koma mlumikizi mmodzi pa chiganizo akukwana. Chako chija chinali ndi "if", "until", "which" ndi "unless" m'chiganizo chimodzi. Makamaka "unless" umupewe, ndi kukana kobisika, amasokoneza ngakhale odziwa Chingerezi bwino. Ukamusandutsa "if" zimayera.

Uonenso kuti ndabwereza "send the goods" kawiri, sindinasinthe. Aphunzitsi ankatiuza kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu, ndipo pa chimangirizo n'zoona. Pano ayi. Ukati "goods" pamwamba, "items" pakati, "order" pansi, iye ayamba kudzifunsa ngati ndi zinthu zitatu zosiyana. Sankha liwu limodzi, ukhale nalo mpaka kumapeto. Ngakhale "it" ndi "them" ndimawapewa pamene pali zinthu ziwiri zimene angaimire.

Deti ija, chonde, usadzalembenso choncho. 05/06 kwa iwe ndi 5 Juni, koma ku America ndi 6 Meyi. Mwezi uzilemba m'mawu. Ndipo "should hopefully" ndachotsa. Ngati tsikulo simunatsimikize, sankha lina limene mukutsimikiza.

Ndiye udziwa bwanji kuti wamva? Usamufunse kuti "Do you understand?", ayankha kuti inde, aliyense amatero, safuna kuoneka wosadziwa pamaso pa kasitomala. Mufunse chinthu chimene sangayankhe asanamve, monga "Please tell me the date when you will send the goods." Akatchula tsiku la pambuyo pa 5 Juni, zayenda. Akatchula la mawa, wadziwa kuti pali pena pakhota, katundu asanakwere galimoto. Chizindikiro china, ukaona akungoyankha kuti "ok, noted" pa imelo imene inali ndi mafunso, kapena wayankha mfundo imodzi zinazo n'kusiya, kawirikawiri si mwano, ndi kuti zinazo sanazimve. Pamenepo usatumizenso imelo yomweyo. Lemba ina, funso limodzi lokha, ndipo liike pa mzere woyamba.

Koma pano katundu ali kale m'njira, ndiye imelo ya lero si yomuimitsa. Usalembe zoti sanamve, zingomuchititsa manyazi ndipo mukufunika kugwirabe naye ntchito. Muuze zinthu zitatu: mwadziwa kuti katundu wanyamuka, mulipira pa 5 Juni, ndipo mufunse ngati tsikulo lili bwino kwa iye. Abwana ako uwauze kaye usanatumize, chifukwa mwina angafune kulipira msanga poti katundu akubwera. Ukalemba unditumizire kuno ndiione, ndikhala pafoni mpaka madzulo.