Funso la pa silaidi yomaliza likhale loti inuyo simukudziwa yankho lake

"Abale anga, ndithandizeni. Loweruka likubwerali ndikaphunzitsa atsogoleri a magulu a banki m'khonde ku Chibavi za vuto la kubweza ngongole mochedwa. Masilaidi ndakonza asanu ndi atatu. Yandisowetsa mtendere ndi yomaliza. Ndikalemba kuti 'Mafunso?' anthu amangoti zii. Ndikalemba kuti 'Mukuganiza bwanji?' zimamveka ngati ndikuwakoka pakamwa. Ndilembepo chiyani kuti alankhule mwa kufuna kwawo?"

Achemwali, musanalembe chilichonse pa silaidi imeneyo dzifunseni kaye kuti: kodi pa nkhani ya ngongoleyi, ndi chiyani chimene amayi amenewa akudziwa koma ine sindikuchidziwa? Chimenecho ndiye funso lanu. Anthu akuluakulu amazindikira msanga funso loti wofunsayo yankho ali nalo kale m'thumba. Amaliona ngati mayeso, ndipo munthu amene ndi wapampando kapena msungichuma wa gulu lake safuna kulakwa mayeso pamaso pa anzake. Koma akaona kuti mphunzitsi akufunadi kumva kwa iwo, pakamwa pamamasuka pokha.

Mawu oti "Mafunso?" amalemera chifukwa woyamba kukweza mkono akuvomera kuti iye ndiye sanamve. Enawo, oti "Mukuganiza bwanji?", alibe pogwira. Munthu aganize za chiyani, silaidi yachiwiri kapena yachisanu? Komanso mwa ulemu wathu, mlendo amene watiphunzitsa sitimutsutsa pagulu. N'chifukwa chake amadzuka mayi mmodzi wachikulire n'kunena kuti, "Ife tangothokoza chifukwa cha maphunziro abwinowa," ena n'kuwomba m'manja, basi zatha. Mukamva yankho limeneli musawaone ngati anthu osamva, vuto linali pa funsolo.

Tiyeni tilikonze pamodzi funso la nkhani yanuyi. Loyamba kubwera m'mutu mwina lingakhale lakuti, "Kodi m'gulu mwanu muli anthu osabweza ngongole?" Limeneli lisiyeni. Anthu a ku Chibavi amakumana pa mpopi, ku tchalitchi, ku msika ndi ku maliro. Mayi akavomera kuti inde alipo, theka la chipindacho ladziwa kale kuti akunena ndani, ndipo gulu lake laoneka ngati losayenda bwino. Palibe angadziike pa moto wotere chifukwa cha silaidi.

Lachiwiri lingakhale lakuti, "N'chifukwa chiyani anthu amachedwa kubweza?" Ili silichititsa manyazi, koma lidzakupatsani mayankho amene aliyense angapereke ali m'tulo: umphawi, kukwera kwa zinthu, bizinesi sizikuyenda. Onse adzagwedeza mutu kuvomereza, ndipo pamene onse agwirizana, zokambirana zimathera pomwepo.

Ine ndikanalemba chonchi:

Ndi mwezi uti umene ngongole zimavuta kwambiri kubwera m'gulu mwanu?

Taonani mmene likugwirira ntchito. Yankho lake ndi liwu limodzi, choncho ngakhale mayi wamanyazi akhoza kungoti "Januwale" ali chikhalire. Silikufuna nzeru zapamwamba, likungofuna kukumbukira zimene zili m'kaundula wa mlembi. Wolakwa si munthu, ndi mwezi. Ndipo chachikulu, mayankho adzasiyana. Wina adzati Januwale chifukwa ndalama zathera ku feteleza ndi chimanga chogula. Wina adzati ayi, kwathu ndi Seputembala, ana akamatsegulira chaka chatsopano cha sukulu. Wina amene mamembala ake amagulitsa kaunjika panja mwina adzatchula miyezi ya mvula, poti mvula ya kuno ku Mzuzu ikayamba siidziwa kuleka. Atatu akangosiyana chonchi, wachinayi salindiranso kuitanidwa, amafuna kuti naye anene za kwawo.

Funso lozama, lakuti "Ndiye mwezi umenewo munachita bwanji kuti ndalama zibwere?", musalilembe pa silaidi. Lisungeni pakamwa, mulifunse kwa munthu amene wayankha kale mwezi. Iye walowa kale m'nkhani, kupitiriza sikumuvuta.

Pali njira inanso yabwino ngati atsogoleriwo akudziwana ndipo sakuopana. Mumawapatsa kankhani ka munthu wongopeka, n'kuwasiyira njira ziwiri. Mwachitsanzo: "Mayi wabwereka K50,000, mwana wake wagonekedwa m'chipatala, wachedwa ndi masabata awiri. Gulu lanu lingamulipitse chindapusa kapena lingamuwonjezere masiku?" Ili limatenthetsa chipinda chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo: ena adzaima pa malamulo a gulu, ena pa umunthu. Koma lili ndi msampha. Ngati pa silaidi yachisanu mwanena kale kuti chindapusa chisamakhululukidwe, ndiye kuti yankho mwalipereka, ndipo funsoli lasanduka mayeso aja. Ligwiritseni ntchito pokhapokha ngati inuyo mwasiyadi khomo lotsegula. Pa Loweruka lino, poti magulu ndi osiyanasiyana ndipo mwina ena akukumana koyamba, ine ndingasankhe la mwezi lija. Ndipo likhale limodzi. Mafunso atatu pa silaidi imodzi amapangitsa munthu kutaya nthawi posankha loti ayankhe, mpaka mpata wolankhula wadutsa.

Chimene chimachotsa kwenikweni fungo la kukakamiza ndi kulidzala funsolo koyambirira. Mukafika pa silaidi yachiwiri nenani kuti, "Kumapeto ndikufunsani za mwezi umene umakuvutani kwambiri, muziuganizira pamene tikupitirira." Likamadzaonekera pa khoma silikhalanso lowadzidzimutsa, ena amakhala atanong'onezana kale yankho. Muwauzenso kumene mayankhowo akupita, mwachitsanzo kuti mukufuna kukonza phunziro lotsatira lidzafike mwezi wovutawo usanakwane. Koma munene zimenezi ngati zilidi zoona. Anthu a m'magulu aona misonkhano yambiri imene anafunsidwa maganizo n'kusamvanso chilichonse, ndipo saiwala.

Za kaonekedwe sindichulutsa. Funso lokha pakati pa silaidi, zilembo zazikulu, saizi 40 kapena kuposa, kuti wa kumbuyo awerenge osatsinzinira. Osaikapo "Zikomo" pamwamba, chifukwa mawu amenewa amauza anthu kuti ayambe kumanga zitenje ndi kufunafuna zikwama. Kuthokoza mudzachita ndi pakamwa zokambirana zikatha. Musadinenso kupitirira silaidi imeneyi: mu PowerPoint mukatero khoma limada n'kulemba kuti "End of slide show, click to exit", ndipo funso lanu lasowa pa nthawi imene anthu akulifuna. Lilembeninso ndi maka pa pepala lalikulu musanayambe, kuti magetsi akathima kapena pulojekita ikavuta mungolimata pa khoma.

Tsopano pamene ambiri amagwera ndi pa masekondi oyamba atangofunsa. Mayi wina wofufuza za maphunziro ku America, Mary Budd Rowe, anaonetsa cha m'ma 1972 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, kenako amalibwereza, kulisintha kapena kuliyankha okha. Anapezanso kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amalankhula, kuphatikizapo aja okhala chete. Iye ankaona ana a sukulu, koma kwa akuluakulu ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa, poti wamkulu amayamba wayeza ngati n'koyenera kuti iye alankhule ena asanalankhule. Choncho werengani funso kamodzi, mofatsa, kenako tsekani pakamwa n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi. Kwa inu oima kutsogolo zidzaoneka ngati chaka, koma kwa iwo ndi nthawi yongokwanira kukumbukira. Chokani pa laputopu, yandikirani anthu, maka ali m'manja. Musayambe zoti "Palibe? Ndithu palibe? Amayi inu kumbuyoko?" Kuloza munthu amene sanakonzeke ndiko kukakamiza kwenikweniko, ndipo ena onse amayamba kuwerama kuti musawaone.

Khumi ikakwana kuli zii, musasinthe funso. Nenani kuti, "Tatembenukirani kwa mnzanu amene mwakhala naye, muuzane mwezi wanu, mphindi ziwiri." Chipinda chidzadzaza phokoso. Pambuyo pake funsani kuti, "Mnzanu wakuuzani mwezi uti?" Kunena za mnzako n'kopepuka kuposa kunena zako.

Pali zinthu ziwiri za kuno kwathu zoti muzisamale. Choyamba ndi chilankhulo. Ngakhale masilaidi anu ali m'Chichewa, nenani poyera kuti amene akufuna ayankhe m'Chitumbuka, kapena m'Chitonga ngati alipo woti amasulire. Mayi akhoza kumva Chichewa bwinobwino koma nkhani ya ndalama ndi mkangano wa m'gulu amaifotokoza bwino m'chilankhulo chimene anakanganiramo. Chachiwiri ndi akuluakulu. Ngati pali amfumu, abusa kapena wapampando wa magulu onse, akayamba iwo kuyankha ena onse adzangoti "monga anenera akuluakulu." Alankhuleni pambali musanayambe, muwapemphe kuti iwo adzakhale omanga mfundo kumapeto. Ulemu mwawapatsa, ndipo ang'onoang'ono apeza mpata.

Yankho loyamba likabwera lilandireni mosamala, chifukwa onse akuyang'ana zimene zichitikire wolimba mtimayo. Lilembeni pa pepala lija mmene walinenera. Musalikonze, ndipo musalitamande kwambiri ngati kuti ndilo lolondola, poti ena amene anali ndi mwezi wosiyana adzaubisa. Ingonenani kuti, "Januwale, zikomo mayi. Alipo amene kwawo n'kosiyana?" Mudzadziwa kuti zagwira mukaona anthu asiya kuyang'ana inu n'kumayankhana okhaokha. Zikafika pamenepo dinani batani la B pa laputopu, khoma lide, maso onse abwerere kwa anthu. Mukadinanso B funso limabwerera.

Zonsezi zimafuna nthawi. Ngati mwapatsidwa ola limodzi, masilaidi asanu ndi awiri oyambawo athe pa mphindi 40, zotsalazo zikhale za funso. Mukaona kuti nthawi yadyeka, chakudya chafika pakhomo ndipo anthu akuyang'ana mapoto, musaumirire kufunsa mothamanga. Werengani funsolo, apempheni akalikambirane ku magulu awo pa tsiku losonkha masheya, ndipo mlembi aliyense adzabwere ndi mwezi wa gulu lake pa msonkhano wotsatira. Mukatero, silaidi yoyamba ya tsiku limenelo idzakhale ya miyezi imene abweretsayo.