Kugulira amayi mphatso uli kutali: ikafika yakufa abweza ndani?

"Ndili ku Kitwe, ndikufuna kugulira amayi ketulo yamagetsi m'sitolo ya mu Lusaka, akawapatsire kunyumba ku Matero. Ikapezeka yakufa, iwo angakabweze ngakhale ndalipira ndine? Nanga ndalama zibwerera kwa ndani?"

Asisi, ndalama zimabwerera njira yomwe zinadzera. Mukalipira ndi Airtel Money kapena MoMo, zibwerera pa nambala yanuyo. Mukalipira ndi khadi, zibwerera ku khadi lomwelo, ndipo banki imatenga masiku. Ndiye musatume amayi kukafuna ndalama, angokatopa ndi minibasi. Chomwe iwo angathe n'kusinthitsa katunduyo, ndipo zimenezo muzikonzeretu musanalipire ngakhale ngwee imodzi.

Ine zinandionekera ndi ayironi ya K450 yomwe ndinagulira azakhali ku Chilenje. Wanjinga yamoto anafika magetsi atazima, iwo n'kulandira osayesa, katoni n'kusonkhezera mbaula. Magetsi atabwera usiku, ayironi zii, osatentha. Atapita kusitolo anawafunsa lisiti, pomwe lisitilo ndinali nditawauza a sitolowo ndekha kuti asaike m'katoni, poopa kuti azakhali aona mtengo. Manyazi amenewo anandidyera K450.

Choncho muwauze a sitolo alembe palisiti dzina lanu ngati wolipira, la amayi ngati wolandira, ndi nambala ya ketuloyo yomwe imakhala kunsi kwake. Lisiti lenileni lilowe m'katoni, inu akutumizireni chithunzi chake pa WhatsApp. Ngati mtengo ndi chinsinsi, aliike mu envulopu yomata, amayi muwauze kuti asatsegule koma asataye. Pomwepo muwafunse molemba: "Amayi akabwera nayo okha, mudzawasinthira? Mpaka masiku angati?" Yankho lawolo mulisunge, pamodzi ndi uthenga wa malipiro uja wokhala ndi Transaction ID.

Asanaitumize aiyatse m'sitolomo, madzi awire, akujambulireni kavidiyo. Ndi mmene magetsi amavutira kuno, musadalire zoyesera pakhomo.

Wopereka katundu mumupatse nambala ya amayi, osati yanu, chifukwa ku Matero munthu amafika ndi kulondoleredwa, tchalitchi chakuti, geti lakuda, ndipo inu muli ku Kitwe simungamuone pomwe waima. Mtengo wa njinga mulipiretu, asakapemphe amayi ndalama pageti. Ndalama ya njingayo kawirikawiri sibwerera, ndipo ulendo wobweza ketulo nawonso mugwirizane kuti alipira ndani.

Akakuuzani kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, musachite mantha. Lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa zikwangwani zoterezo, ndipo katundu wakufa ayenera kusinthidwa kapena ndalama kubwezedwa. Akakanitsitsa, dandaulo lipite ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo mulilembe inuyo popeza umboni wa malipiro uli m'foni mwanu. Koma amayi akangoti mtundu wake sunawasangalatse, pamenepo lamulo silikuthandizani, zidalira mtima wa mwini sitolo. Katoni ndi mapepala ake asunge mpaka nthawi ya galanti ithe.