Mamalikisi awiri, chiganizo chimodzi

"Funso la sayansi likati yankhani m'chiganizo chimodzi, ndilembe zochuluka bwanji kuti ndikhoze zonse?"

Anzanga, werengani mamalikisi. Kawirikawiri malikisi amodzi amafuna mfundo imodzi. Akafunsa chifukwa chake mumapuma msanga mukamathamanga, pa mamalikisi awiri, "chifukwa thupi latopa" n'kungotaya nthawi. Lembani kuti minofu imafuna okosijeni wambiri kuti itulutse mphamvu, ndipo kaboni dayokisaidi wochuluka ayenera kutuluka. Mfundo ziwiri, basi.

Pochonga mayeso ndimasaka mawu enieniwo, osati kutalika. Ambiri amaluza polemba nambala yopanda muyeso: 5 yekha, osati 5 cm. Kuwonjezera zokayikitsa nakonso kumatha kufafaniza zolondola zija. Kachongedwe kamasiyana, choncho pemphani aphunzitsi anu akuwonetseni ndondomeko yake.