Zigamba zoyera kumaso kwa mwana: ndi vitiligo kapena ndi zina?

"Mwana wanga wa zaka 7 watuluka zigamba zoyera m'masaya. Ndamupaka mankhwala a zipere mwezi wathunthu koma palibe chasintha. Azakhali ake akuti ndi vitiligo. Ndingadziwe bwanji?"

Mayi, musanagule mankhwala ena, tulukani naye panja powala mumuyang'anitsitse. Funso loyamba ndi ili: khungulo ndi loyera mbee ngati mkaka, kapena langotuwa poyerekeza ndi khungu lozungulira?

Pa vitiligo, chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo opanga melanini, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake. Ndiye mtundu umachoka wonse. Chigambacho chimakhala choyera ngati choko, malire ake oonekeratu moti mutha kuwatsata ndi cholembera. Mukasisita ndi chala ndi posalala, palibe nkhungu, ndipo nthawi zambiri sipayabwa. Imakonda kuzungulira maso ndi pakamwa, nsonga za zala, zigongono, maondo ndi malo obisika, kawirikawiri mbali zonse ziwiri za thupi. Onaninso nsidze ndi tsitsi: ubweya womera pa chigamba cha vitiligo nthawi zina umayera nawo. Siyopatsirana, ngakhale mutadyera mbale imodzi.

Koma poona msinkhu wa mwana wanu ndi malo amene mwatchulawo, maganizo anga akupita ku chimene madokotala amati pitiriyasisi aluba. Dzina lokhalo ndiye loopsa. Ndi kuuma ndi kutupa pang'ono kwa khungu, kofala mwa ana a zaka 3 mpaka 16, makamaka m'masaya ndi kumtunda kwa mikono. Chigambacho chimangotuwa, sichiyera kotheratu, ndipo m'mphepete mwake chimazimiririka pang'onopang'ono, simungaloze kuti chathera apa. Mwana akasamba n'kuuma osadzola, pamaoneka ngati pawazidwa ufa. Akasewera padzuwa chimaoneka kwambiri chifukwa khungu lozungulira limada, icho osada. Apa palibe fangasi, n'chifukwa chake mankhwala a zipere sagwira. Muzimudzoza vaselini kapena mafuta ena opanda fungo kawiri pa tsiku, makamaka akangosamba khungu lisanaumiretu, ndipo sopo wamphamvu asafike kumaso. Ngati pakuyabwa kapena pafiira, achipatala atha kupereka haidirokotizoni wa 1 peresenti kwa masiku ochepa. Kuuma kumatha msanga, koma mtundu umabwerera pakapita miyezi, mwina chaka kapena kupitirira. Ena amataya mtima msanga n'kuyamba kusinthasintha mankhwala.

Za fangasi zili pawiri. Chipere chenicheni chimakhala ngati mphete, m'mphepete motukuka, pakati poonekako bwino, chimayabwa ndipo chimakula chopita kunja. China ndi timawanga ting'onoting'ono tambiri pachifuwa, kumsana, m'mapewa ndi m'khosi, timene timalumikizana n'kupanga chigamba chachikulu. Timeneti timayamba ndi fangasi wotchedwa malaseziya, amene amakhala pakhungu la aliyense koma amachuluka kukatentha munthu n'kumatuluka thukuta. Amakonda achinyamata ndi akuluakulu, ngakhale mwa ana amatha kutulukira kumaso. Kandani pang'ono ndi chikhadabo kapena kokani khungu ndi zala ziwiri: pamatuluka tinkhungu tosalala ngati deya. Mankhwala ake ndi shampu wa ketokonazo wa 2 peresenti, wopaka n'kudikira mphindi 5 musanatsuke, kwa masiku 5. Fangasi akafa nkhungu zimatha koma mawanga amatsala miyezi ingapo, ndiye musaweruze mankhwala poona mtundu, onani ngati nkhungu zikutulukabe.

Chimene ndikukupemphani kwambiri, musamupake kumaso mafuta amphamvu aja okhala ndi betametazoni kapena kulobetaso popanda dokotala. Amapepukitsa khungu, amabisa chipere n'kuchikulitsa, ndiponso iwo eni amatha kuyeretsa khungu, dokotala n'kusokonezeka poyang'ana.

Yesaninso ichi kunyumba. Mwana atseke maso, mumukhudze ndi kathonje pa chigamba ndi pakhungu labwino, azikuuzani pamene wamva. Pa matenda onse ndatchulawa amamva bwinobwino. Chigamba chotuwa chimene sakumva kukhudza chimafuna kuyezedwa khate, matenda amene amachizika ndi mankhwala, ndipo pamenepo musadikire.

Jambulani zigambazo lero pamalo owala, mudzajambulenso pamalo omwewo pakatha milungu 4 mukumudzoza mafuta. Zikayera mbee, zikayamba kutuluka m'zala kapena kuzungulira maso, kapena pamene anakalika pakapola moyera, pitani naye kwa dokotala wa khungu. Kumeneko amaunika ndi nyali yapadera m'chipinda cha mdima, vitiligo imawala kuti mbee, ndipo amatha kupala tinkhungu n'kutiyang'ana pa makina oonera tizilombo. Ikakhala vitiligo, ya kumaso ndi imene imamva mankhwala bwino kuposa ya m'zala, makamaka ikayambidwa msanga.