Pepala la amayi lisadutse mizere isanu

"Ndagulira amayi anga timahedifoni topanda chingwe kuti tizimvana bwino pafoni, chifukwa amadandaula kuti dzanja limatopa ndipo mawu samveka bwino. Ali ndi zaka 74 ndipo amakhala kumudzi ku Dedza, ine ndili ku Lilongwe. Ndikupita kumapeto kwa mwezi, ndikagona masiku awiri okha. Ndikufuna kuwasiyira pepala la zilembo zikuluzikulu loti aziyang'ana ndikachoka. Ndilembepo chiyani?"

Ndiyambe ndi zimene simuyenera kulembapo. Kulumikiza timahedifoni ndi foni kwa nthawi yoyamba ndi ntchito yanu, osati ya amayi. Imachitika kamodzi basi. Mukafika, tsegulani Settings pafoni yawo, yatsani Bluetooth, tsegulani kabokosi kosungira timahedifoni, dinani dzina la timahedifoni likaoneka. Kuyambira pamenepo foni imatikumbukira, ndipo timalumikizika tokha nthawi iliyonse tikatulutsidwa. Mawu akuti Bluetooth asaoneke n'komwe pa pepala lawo. Koma ngati munatiyesa kaye pafoni yanu kunyumba, lowani mu Bluetooth yanu mufufute dzinalo, pena pamalembedwa Forget, pena Unpair. Mukapanda kutero, nthawi yonse mukuphunzitsa timahedifoni tizithamangira ku foni ya m'thumba mwanu, amayi n'kumaona ngati akulakwitsa ndi iwo.

Pepala loyamba limene ndinalembera bambo anga linali ndi mfundo khumi ndi ziwiri, ndipo ndinalinyadira. Nditabwerako patapita mwezi ndinalipeza litapindidwa kanayi, atalitsamiritsa kumwendo wa tebulo limene linkagwedera. Timahedifoni tinali m'kabati, m'katoni mwake. Atandiona ndikuyang'ana anangoti, "Mwanawe, zija zimafuna wasukulu." Lachiwiri ndinalilemba nditakhala nawo pakhonde, ndikuyang'ana manja awo, ndipo linatuluka chonchi:

1. Tsegulani kabokosi.
2. Tengani ka dontho lofiira, ikani kukhutu la kumanja.
3. Dikirani kalire m'khutu.
4. Yankhani kapena imbani pafoni monga mwa masiku onse.
5. Mukamaliza, bwezerani m'kabokosi, tsekani.

Mwaona kuti ndikunena kamodzi, osati tiwiri. Timahedifoni tambiri ta masiku ano timagwira ntchito kamodzikamodzi, koma yesani tanu mutsimikize mbali imene mukufunayo. Munthu wamkulu akatseka makutu onse awiri amamva mawu ake akulira m'mutu, samva woodira pakhomo, ndipo amayamba kukuwa. Kamodzi n'kokwanira, ndipo kachiwiri kaja kamakhala kali ndi moto podikira. Sankhani khutu limene amamva nalo bwino. Zilembo za L ndi R n'zazing'ono kwambiri moti ngakhale ine ndimazifunafuna, ndiye dontho lofiira lija ndi kyutekisi. Donthezani kunja kwa kahedifoni, lina pa dzenje lake m'kabokosi. Musapake pa tizitsulo tonyezimira ta pansi, pamene kamalandirira moto, kapena pa kabowo kolowera mawu.

Mfundo yachinayi ndi imene anthu amanditsutsa. Kabuku ka m'katoni kamanena kuti mugogode kahedifoni kuti muyankhe, pa mitundu ina kamodzi, pa ina kawiri. Musawaphunzitse zimenezo. Malo ogogodawo ndi omwewo odulira foni, ndipo chala cha munthu wamkulu chimapita pomwepo akafuna kukankhira kahedifoni mkati. Bambo anga anandidulira katatu tsiku limodzi, kenako n'kudandaula kuti netiweki ya masiku ano ndi yachabe. Amayi amadziwa kale pamene amadina foni ikalira, asiyeni azidina pomwepo. Pa mafoni ambiri a Android mawu amapita okha ku kahedifoni kolumikizika. Ngati ndi iPhone, kuyankhira pafoni kumatha kusiya mawu pafoni pomwepo, ndiye lowani Settings, Accessibility, Touch, Call Audio Routing, musankhe Bluetooth Headset. Chowaphunzitsa n'chakuti akamakonza kahedifoni m'khutu azikagwira m'mbali kapena kumchira ndi zala ziwiri.

Tsopano mfundo yachisanu, imene ndi mtima wa pepala lonse. Kahedifoni kakasiyidwa patebulo kapena m'thumba la zovala kamakhalabe kolumikizika ndi foni, ndipo Bluetooth imafika pafupifupi mamita 10. Foni ilira, amayi ayankha, aika kukhutu, koma zii. Mawu anu akutulukira mu kahedifoni kamene kali kuchipinda. Inu mukumva phokoso lakutali, iwo akungoti "halo, halo". Apa ndi pamene munthu wamkulu amagamula kuti chinthu chija chawononga foni, ndipo sadzachigwiranso. Choncho pansi pa pepala, m'bokosi lojambula ndi mzere wonenepa, lembani chiganizo chimodzi: "Ngati simukumva, bwezerani tonse tiwiri m'kabokosi, tsekani, lankhulani pafoni monga kale." Kabokosi kakatsekedwa kulumikizana kumaduka, foni n'kubwerera mwakale. Chitani nawo dala vutoli mukadali komweko: bisani kahedifoni kuseri kwa kapu, muwaimbire, asowe mawu, kenako alikonze okha ndi manja awo.

Njira imeneyi imakanika kabokosi kakatheratu moto, chifukwa pa mitundu yambiri timahedifoni sitizindikira kuti tabwerera kwawo. N'chifukwa chake kutchaja kumafuna pepala lake lapadera, lomata pamene amatchajira foni, osati kuseri kwa loyamba. Musalembepo za maola kapena za mitundu ya timagetsi. Lembani kuti tsiku lililonse lotchaja foni, kabokosi kazitchajidwanso, timahedifoni tili mkati. Ngati amatumiza mwana kukatchajitsa kumsika, zonse zizipita m'kathumba kamodzi. Onani pabowo potchajira: kabokosi kangakhale ka USB-C pomwe foni ndi ya micro USB, ndiye mangani kansalu pa chingwe cha kabokosi.

Za kalembedwe n'zosavuta. Pepala la A4, zilembo zakuda pa pepala loyera, kukula kwake pakompyuta kuyambira saizi 24 kupita m'mwamba, mpata waukulu pakati pa mizere. Musalembe zonse ndi zilembo zazikulu zoyambira chiganizo zija zokhazokha, zimavuta kuwerenga. Pa mfundo iliyonse ikani chithunzi chimene mwajambula nokha cha timahedifoni tawo tomweto, makamaka tili m'dzanja lawo. Ngati kopulintira kuli kutali, jambulani ndi kupulinta musananyamuke, kapena lembani ndi cholembera chonenepa chakuda. Mawu tengani kwa amayi. Akati "kabokosi", lembani kabokosi. Akati "kachibotolo", lembani chomwecho. Liikeni m'pulasitiki, mulimate pakhoma pamene amakhala akamaimba foni.

Zotsala ndi ziwiri zoti muchite nokha. Ngati timahedifoni tili ndi timphira ta kumapeto, kawirikawiri m'katoni mumakhala masaizi atatu. Yesani onse, chifukwa kolowa mothina kamapweteka ndipo kotaya kamagwa, mawu n'kumamveka opyapyala. Ndipo voliyumu ya polankhula ndi yosiyana ndi ya nyimbo. Muikonze mukulankhulana nawo pafoni, mutatuluka panja n'kuwaimbira, wina akudina batani la voliyumu la m'mbali mwa foni mpaka amayi atanena kuti apo. Ngati mwakweza mpaka kumapeto koma akuvutikabe, vuto si la pepala ndipo timahedifoni si chipangizo chothandiza kumva, apite kuchipatala akawaone m'makutu.

Tsiku lonyamuka musagwire kanthu. Khalani kuseri kwa nyumba, imbani katatu, pepala lokha liwatsogolere. Mzere umene aimapo n'kukuitanani ndi umene mwalemba molakwika, ukonzeni ndi cholembera musanakakwere minibasi.