Linki yolipiridwa ndi chizindikiro cha nofollow

"Kampani ina ikufuna kundilipira kuti ndiike linki yake pa tsamba langa, koma ikukana kuti ndiikepo nofollow. Kodi ndivomere?"

Achimwene, mwanditokosa pa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola. Zaka zingapo zapitazo, lendi ya nyumba itandipanikiza, ndinalandira ndalama kwa wamalonda wina wogulitsa mafoni kuti ndilembe nkhani yotamanda sitolo yake, ndipo linki yake ndinaiika popanda chizindikiro chilichonse. Anzake atamva anabweranso, ine n'kumangolandira. Patapita miyezi ndinapeza uthenga mu Google Search Console, momwe Google imalankhulira ndi eni matsamba, wakuti `Unnatural links from your site`, kusonyeza kuti munthu weniweni wa ku Google anaunika tsambalo n'kuona kuti ndikugulitsa malinki. Owerenga obwera kudzera pa Google anachepa, ndipo ndinakhala masiku angapo ndikutsegula nkhani imodziimodzi n'kumakonza, kenako ndinapempha kuti aunikenso. Amalonda aja, nditawauza, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyankha.

Kwa makina ofufuzira, linki ili ngati umboni: mukaloza tsamba lina, mukulipatsako ulemu wa tsamba lanu, ndipo ulemuwo umalithandiza kukwera pa mndandanda wa zotsatira. Google inayambitsa `nofollow` mu 2005, mogwirizana ndi Yahoo ndi MSN, chifukwa anthu ankamwaza malinki m'malo olembamo ndemanga pofuna kuba ulemu umenewu. Chizindikirocho chimangonena kuti mwini tsamba sakuchitira umboni kumene linkiyo ikupita. Owerenga sachiona n'komwe, ndipo akadina amafika bwinobwino.

N'chifukwa chake masiku ano ndilibe chifundo ndi kampani yokana chizindikirochi, pakuti yaonetsa poyera kuti sikufuna owerenga anu, ikufuna kugula dzina la tsamba lanu, chilango chikabwera chigwere inu.

Mu Seputembala 2019 Google inawonjezera `sponsored`, ya malinki olipiridwa, ndi `ugc`, ya malinki oikidwa ndi owerenga. Kuyambira pamenepo zizindikirozi imazitenga ngati malangizo chabe, osati lamulo, moti amene akuganiza kuti `nofollow` ibisa tsamba kuti lisaoneke pa Google akudzinyenga. Imeneyo ndi ntchito ya `noindex`. Za ndemanga sizindidetsa nkhawa kwenikweni, popeza WordPress, pulogalamu yoyendetsera matsamba, imaika yokha `nofollow ugc` pa malinki a m'ndemangazo.

Chochita

Musavomere. Auzeni kuti linkiyo ikhala chonchi:

```html
<a href="https://example.com" rel="sponsored nofollow">Dzina la sitolo</a>
```

Ngakhale atakupatsani foni kapena katundu wina m'malo mwa ndalama, amenewo ndi malipiro ndithu, ndipo chizindikirocho chiyenera kukhalapo. Mukamaliza, tsegulani nkhaniyo, dinani kumanja pa linkiyo, sankhani Inspect, ndipo muone ngati `rel` yalembedwadi.